Momwe mafuta anga anapezera dzina loti Dontho

Ndimayenga mafuta a mpendadzuwa kuno ku Ulongwe, m'boma la Angoniya ku Mozambique, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkawagulitsa m'mabotolo opanda chizindikiro. Mayi wina atandiuza kuti mwana amene anamutuma anagula mafuta a munthu wina, ndinadziwa kuti anga akufunika dzina.

Ndinalemba mayina 12 m'kope. Loyamba kulifufuta linali Mafuta Abwino, chifukwa dzina longofotokoza katundu sungaliteteze: woyenga aliyense ali ndi ufulu wonena kuti mafuta ake ndi abwino. Otsalawo ndinapita nawo kwa mwini sitolo wina wochokera ku Beira, amene sadziwa Chichewa, kuti awerenge mokweza. Chiwaya, lomwe ndinkalikonda kwambiri, analitchula Shiwaya, poti m'Chipwitikizi ch amamveka ngati sh. Pa Mang'ombe lilime linakodwa pa ng'. Dzina lamitundu iwiri, la pabotolo ndi la pakamwa, limasocheretsa wogula. Dontho analitchula Donto, ndipo ndinati zimenezo n'zopirira nazo.

Vuto linatulukira kumsika. Ndinaonetsa botolo la lita imodzi kwa mayi wokazinga mandasi, iwo nkuseka.

"Achimwene, Dontho? Ndiye kuti botolo lanu likudontha, kapena mafutawo mukutimana?"

Zinandiwawa, koma ankanena zoona. Apa m'pamene ndinamvetsa ntchito ya mawu apansi pa dzina: ayenera kutseka tanthauzo lolakwikalo. Poyamba ndinalemba kuti "Mafuta okoma opatsa thanzi banja lonse." Mawuwa angakhale pa botolo la aliyense, komanso za thanzi ndinalibe umboni wa akatswiri oyeza zakudya, choncho ndinawasiya. Kachiwiri ndinati "Ochokera m'minda ya ku Angoniya." Ndi zoona, koma sakunena chifukwa chake dzinalo ndi Dontho.

Yankho linachokera kwa mayi omwe aja. Ndikuwayang'ana akutsira mafuta m'mphika wa chigwada, ndinaona kuti amayeza ndi chivindikiro cha botolo, akuopa kupitirira ngakhale pang'ono. Wogula wanga amafuna mafuta ochedwa kutha. Ndinalemba kuti: "Dontho. Tsirani pang'ono, ndiwo zikoma." Pansi pake, m'zilembo zing'onozing'ono, ndinaika kuti ndi mafuta a mpendadzuwa a ku Angoniya. Nditawawerengera mayiwo kamodzi, anabwereza mawuwo osalakwitsa.

Ndisanasindikize zomata, ndinapempha kafukufuku ku ofesi ya IPI ku Maputo, yomwe imalembetsa mayina a malonda, kuti aone ngati dzinali lili ndi mwini m'gulu 29, momwe mumagwera mafuta ophikira. Likalembetsedwa limatetezedwa zaka 10, kenaka umalipiranso. Zomata ziyenera kukhala ndi Chipwitikizi, ndiye mawu aja ndawapereka kwa mphunzitsi wina awatanthauzire, koma a Chichewa akhala pamwamba. Osindikiza ndawauza adikire yankho la ku Maputo.