Dz kapena z: mmene ndimakonzera kalata ndisanaisindikize

Kuno ku Mangochi khutu silingakuthandizeni pa nkhani ya dz ndi z. Ambirife timati zina, zulo, mazi, ndipo amene anakulira m'Chiyao, momwe mulibe z, amafika mpaka pa sikomo. Polankhula palibe mlandu. Koma malamulo a kalembedwe ka Chichewa, amene anatuluka mu 1973 n'kukonzedwanso mu 1980 ndi 1990, amafuna dzina, dzulo, madzi. Nchifukwa chake pa ntchito yanga yotayipira anthu makalata pa Boma sinditchula mawu mokweza kuti ndimve. Ndimawafunsa mafunso.

Nachi chiganizo cha m'chidziwitso chimene bambo wina wa komiti ya padoko anabwera nacho: "Asozi onse adzibwera ndi dziphaso, ndipo aliyense azilembetse yekha."

Ndimayambira pa mayina chifukwa savuta. Ngati chimodzi chikuyamba ndi chi- kapena cha-, zambiri zimayamba ndi z basi: chiphaso, ziphaso, chaka, zaka. Dziphaso yagwa pomwepo. Dzina likakhala la chinthu chimodzi, lotenga "la" ndiponso ma- pochulukitsa, kawirikawiri limafuna dz: dzira, mazira, dzino, mano, dzungu, maungu. Ndati kawirikawiri, poti zana, lija la makumi khumi, lilibe d, pamene dzana ndi tsiku lija dzulo lisanafike.

Pamene ndimachedwa ndi pakati pa mneni, pomwe pali -zi- ndi -dzi-. Funso langa ndi limodzi: kodi wochitayo akudzichitira mwini? Akakhala mwini, ndi -dzi-: anadzicheka ndi mpeni, amadzikonda. Choncho msodzi wolembetsa yekha uja adzilembetse. Mukasiya azilembetse, wowerenga afunsa kuti alembetse ziti, ngalawa kapena ziphaso, chifukwa -zi- amaimira zinthu. Anazibisa ndiye kuti anabisa ndalama kapena nsomba. Anadzibisa, wabisala ndi iyeyo.

Palinso -zi- wina wolamula kapena wonena zoyenera kumachitika nthawi zonse: muzisamba m'manja, tizipita, azibwera. Ameneyu ndi amene amavutitsidwa kwambiri, makamaka ndi anthu ophunzira. Atauzidwa kusukulu kuti kulemba zina m'malo mwa dzina ndi kulakwa, amathira d paliponse, mpaka pazikwangwani mumaona "mudzitaya zinyalala m'dzenje". Bambo aja anatsutsa pang'ono, amvekere, "Koma achimwene, adzibwera ndiye Chichewa chakuya." Ndinawafunsa ngati munthu angadzibwere yekha monga amadzimenyera, ndipo anaseka.

Mawu akuti asodzi alibe lamulo lowapulumutsa. Dz wake ali mu tsinde, kusodza, monga alili mu kudziwa, mudzi ndi udzudzu, pamene mkazi, mwezi ndi muzu alibe. Otere ndi ongoloweza, ndipo ndikakayika ndimatsegula mtanthauziramawu.

Chimene chinatuluka mu makina ndi ichi: "Asodzi onse azibwera ndi ziphaso, ndipo aliyense adzilembetse yekha."