Lipoti la mwezi lopita ku komiti yoyang'anira pulojekiti: mmene ndinadutsira

Lipoti la mwezi uno lapita, komiti yakhala pansi, ndipo chiganizo chimene ndinkafuna chatuluka. Ndikulemba mtima usanazizire, kuti inu amene mwangopatsidwa kumene ntchito yolemba malipoti otere mudziwe pamene pali minga.

Pulojekiti yathu ndi yosamutsa kaundula wa makasitomala kuchoka m'dongosolo lakale la pakompyuta kupita m'latsopano. Ndi ya miyezi 12, ndipo lipoti ili linali la mwezi wa 7. Pamwamba panga pali komiti ya akuluakulu a nthambi zosiyanasiyana, ndipo wapampando wake ndi amene bajeti yonse ili m'manja mwake. Malire anga analembedwa pachiyambi pomwe: ndikhoza kusuntha tsiku la ntchito ndi masabata awiri popanda kufunsa munthu. Kupitirira apo, kapena kukhudza ndalama zapadera zosungira zadzidzidzi, zimene ndi 10 peresenti ya bajeti, ndi nkhani ya komiti. Malire anu muwadziwe musanalembe chilichonse, chifukwa ndi amene amakuuzani zoti mungodziwitsa akuluakulu ndi zoti muwapemphe chilolezo.

Za kutolera nkhani kwa atsogoleri a magulu sinditaya nazo nthawi. Funso langa kwa iwo ndi limodzi: mwa zimene tinalonjeza mwezi watha, zatha ndi ziti? Yankho loti "zatsala pang'ono" sindililandira. Ntchito ikhoza kukhala pa 90 peresenti kwa miyezi itatu, munthu osanama n'komwe, chifukwa kagawo kotsalako ndi kamene kali kovuta. Choncho ndimawerenga zinthu zomalizika ndi zovomerezedwa ndi mwini wake basi. Mwa zigawo 20 zimene pulojekiti iyenera kupereka, zosainidwa zinali 10, pamene ndondomeko inkati pofika pano zikhale 12. Mzere umodzi womwewo ndiwo unali mtima wa gawo lonena za mmene ntchito ikuyendera.

Tsopano ofesi ya zachuma. Apa ndi pamene ndinapsa mtima.

Mapepala a komiti amayenera kufika kwa mlembi masiku asanu msonkhano usanachitike. Koma a zachuma amatseka mabuku a mwezi tsiku la mlembi litadutsa kale. Makalendala awiriwa sagwirizana, aliyense akudziwa, ndipo palibe amene akufuna kusuntha lake. Nditapita kukapempha ziwerengero anandiuza kuti ndidikire mabuku atsekedwe. Ndinafotokoza kuti mlembi sadikira. Anati nditenge za mwezi wathawo. Ndinati komiti inaziona kale. Ananditumiza kwa akulu awo, amene anali kumsonkhano wina, ndipo tsiku lonse linathera pakhonde, ine nditakumbata laputopu. Madzulo ake anandipatsa pepala losonyeza kuti tagwiritsa ntchito 41 peresenti ya bajeti.

Nambala imeneyo ndi yoona, koma ndi yoopsa. Miyezi 7 mwa 12 ndi pafupifupi 58 peresenti ya nthawi. Mkulu woona 41 pambali pa 58 amaganiza kuti ndalama zikutsala zambiri, ndipo akhoza kunena kuti zina zipite ku ntchito ina. Chimene pepalalo silinanene n'chakuti mabuku awo amawerenga mainvoisi okhawo amene alowetsedwa kale. Maoda amene tinapereka kwa kampani yotipangira dongosolo latsopano, komanso kwa ophunzitsa antchito, sanaoneke, chifukwa eni ake sanatumize mainvoisi. Nditawaphatikiza ndekha kuchokera m'kaundula wanga wa maoda, anakwana 22 peresenti. Ndiye kuti ndalama zolipidwa kale ndi zolonjezedwa kale zinali 63 peresenti, pamene zigawo zomalizika zinali theka lokha. Sizikutanthauza kuti tawononga mopitirira, popeza ena mwa maodawo ndi a ntchito imene isanachitike, koma zikutanthauza kuti zotsala zoti tingazigwiritse ntchito momasuka ndi 37 peresenti, osati 59.

Choncho sungani kaundula wanu wa maoda, musadalire pepala la akauntanti lokha. M'lipoti ndinaika mizere itatu: zolipidwa, zolonjezedwa, ndi zimene ndikuyembekezera kuti tidzakhala titagwiritsa ntchito pulojekiti ikadzatha. Pansi pake ndinalemba tsiku limene ziwerengerozo zinatengedwa, ndi mawu oti mabuku anali asanatsekedwe. Tsikulo n'lofunika, chifukwa mkulu wa zachuma amabwera kumsonkhano ndi nambala zake zatsopano, ndipo zikasiyana ndi zanu popanda chifukwa cholembedwa, theka la msonkhano limathera pa kukangana kuti wolondola ndani.

Ndanena za msonkhano, ndakumbukira za mwezi watha, zimene ndikadayenera kuyamba nazo. Fomu ya lipoti imene ofesi yoona za mapulojekiti inatipatsa imaika ziganizo zofunika pa tsamba lomaliza, pambuyo pa matebulo onse. Mwezi wathawo pempho langa linali pamenepo, malinga ndi fomu yawo. Akuluakulu anayamba ndi tsamba loyamba, anatha nthawi pa tchati cha masiku, wina anafunsa chifukwa chake mzere wina unali wabuluu, ndipo titafika kumapeto awiri anali atatuluka kale kupita kwina. Wapampando anangoti komiti yamva. M'maminitsi munalembedwa kuti nkhaniyo yamveka. Kumva si kuvomereza, anzanga, ndipo ndi mawu oti "yamveka" simungapite nawo kwa kontirakitala, kampani yotipangira dongosolo ija. Mwezi wathunthu unapita choncho.

Ulendo uno fomuyo ndinaitembenuza. Chiganizo chofunika ndinachiika pamwamba pa tsamba loyamba, china chilichonse chisanabwere. A ku ofesi ya mapulojekiti anadandaula kuti ndasokoneza fomu, ndinawayankha kuti zigawo zawo zonse zilimo, ndangosintha malo.

Nkhani yake inali iyi. Poyesa kusamutsa kaundula tinapeza kuti mwa mayina 40,000, pafupifupi 6,000 analembedwa kawiri kapena alibe nambala yozindikiritsa, ndipo dongosolo latsopano likuwakana. Ili si chiopsezo ayi, ndi vuto. Chiopsezo ndi chinthu chimene mwina chichitika, ndipo pambali pake mumalemba mmene mukuchipewera. Vuto lachitika kale, ndipo pambali pake mumalemba amene akulikonza ndi tsiku limene adzamalize. Mukazisakaniza m'tebulo limodzi, akuluakulu amaziwerenga zonse ngati nkhawa chabe za munthu wamantha.

Pempholo ndinalilemba mwachidule, mwa njira zitatu. Yoyamba: tisunthe tsiku loyamba kugwiritsa ntchito dongosololi ndi masabata anayi, antchito athu akonze mayinawo, ndipo titenge 3 peresenti ya bajeti ku ndalama zadzidzidzi zija kuti tiwonjezere nthawi ya kontirakitala. Yachiwiri: tiyambe pa tsiku lakale lomwelo koma ndi nthambi ziwiri zokha zimene mayina awo ali bwino, zinazo zibwere pambuyo, kutanthauza kuti madongosolo awiri aziyenda limodzi kwa kanthawi ndipo antchito ena azilemba zinthu kawiri. Yachitatu: tilembe anthu aganyu okonza mayina kuti tsiku lisasunthe, koma ndi anthu osadziwa makasitomala athu, ndipo akhoza kufufuta dzina loyenera n'kusiya lolakwika. Pansi pake ndinanena mosabisa kuti ine ndikuona kuti yoyamba ndiyo yabwino, ndi chifukwa chake. Musapite ndi njira zitatu inu osasankhapo. Adzakufunsani maganizo anu, ndipo mukazengereza adzati mukafufuzenso mubwere mwezi wamawa.

Kenako mzere umene unagwira ntchito kuposa yonse: chiganizochi chikufunika pa msonkhano uno, chifukwa mgwirizano wathu ndi kontirakitala umafuna kuti timudziwitse masiku 30 tisanawonjezere nthawi yake, ndipo msonkhano wotsatira udzakhala nthawiyo itadutsa. Tikapanda kusankha lero, gulu lake lidzachoka pa tsiku lakale, mayina asanakonzedwe. Akuluakulu amaganiza kuti kusasankha n'kwaulere mpaka mutawalembera mtengo wake.

Za mitundu imene timaika m'lipoti posonyeza mmene zinthu zilili, yobiriwira, yachikasu ndi yofiira. Mkulu wanga wa nthambi ankafuna kuti pa nthawi ndiike wachikasu, ati wofiira umadzidzimutsa anthu. Ndinakana. Kwa ife tanthauzo lake linagwirizanidwa kale: wobiriwira ndiye kuti tili m'ndondomeko, wachikasu ndiye kuti tapatuka koma ndikonza ndekha m'malire anga, wofiira ndiye kuti zapitirira malire anga ndipo ndikufuna komiti. Masabata anayi ndi ochuluka kuposa awiri, ndiye ndi wofiira, basi. Simungapemphe anthu kuti atsegule ndalama zadzidzidzi pamene pepala lanu lomwe likuti zinthu sizinaipe kwenikweni. Komanso wachikasu wokhala miyezi itatu yotsatizana osasintha ndi wofiira amene wina akumubisa. Pa ndalama ndinaikanso wofiira, popeza ndalama zadzidzidzi ndi nkhani ya komiti, pa kukula kwa ntchito wobiriwira, ndipo pambali pa mtundu uliwonse ndinasonyeza mtundu wa mwezi watha kuti aone kumene zikulowera.

China chimene ndinachita ndisanatumize: ndinapempha mphindi khumi kwa wapampando, ndinamufotokozera za wofiirayo pamaso. Mkulu amene wadzidzimutsidwa pamaso pa anzake amayamba kudziteteza, ndipo mafunso ake amakhala ofuna wolakwa osati njira. Ndinakaonanso mkulu wa nthambi imene antchito ake ndi amene adzakonze mayinawo, chifukwa njira yoyamba ija ikudya nthawi ya anthu ake, ndipo sikukanakhala bwino kuti akazimvere m'chipinda cha msonkhano. Anakwiya pang'ono, koma anakwiyira mu ofesi mwake, ndipo kumsonkhano anangopempha kuti ntchitoyo isagwere sabata yotseka mwezi.

Lipoti lonse linali masamba awiri. Ndondomeko yaikulu ya masiku, kaundula wa ziopsezo zonse ndi tsatanetsatane wa ndalama ndinaziika kumbuyo ngati zowonjezera, za amene akufuna. Mwa ziopsezo ndinakweza zitatu zokha. Ndinaikanso kagawo kakang'ono ka zimene komiti yomweyo inalonjeza kuchita mwezi watha, ndi mayina a maudindo awo, ndipo chimodzi chinali chisanachitike. Mwini wake anachichita m'mawa wa tsiku la msonkhano.

Kumsonkhano wapampando anayamba ndi chiganizo chija, aliyense akadali pampando. Anakambirana, anasankha njira yoyamba, anawonjezera za sabata yotseka mwezi ija. Tisanapitirire ndinapempha mlembi kuti awerenge mokweza zimene walemba, ndipo ndinaonetsetsa kuti muli mawu oti komiti yavomereza, masabata anayi, ndi 3 peresenti. Ndibwerezenso: pempho pamwamba pa tsamba loyamba, ndi tsiku lake, ndi zimene zichitike akapanda kusankha. Kalata yopita kwa kontirakitala inatuluka madzulo omwewo. Za kalendala ya ofesi ya zachuma ija ndaziika kale ngati chiganizo chofunika m'lipoti la mwezi wamawa: kaya msonkhano usunthe ndi sabata imodzi, kaya azitipatsa ziwerengero zongoyembekezera pamodzi ndi maoda, koma komiti isankhepo chimodzi.