Pomwe ndafika ndi desikitopu yakale ija: ndayika Linux Mint madisiki ena ali ozula

Aja munandifunsa za desikitopu ndinagula kwa munthu wina ku Luwinga, ikugwira tsopano, Linux Mint yalowa pa SSD ya 240GB. Chinandikankha ndi chakuti Windows 10 anasiya kuyipatsa maapudeti pa 14 Okutobala 2025 ndipo makinawa ndi akale, Windows 11 akuyikana. Za kuyika kwenikweni sindilemba zambiri, ndi kudina Continue basi. Ndikufuna ndilembe za kuzula madisiki ena usanayambe, chifukwa pamenepo ndi pomwe pali nkhani.

Mkati mwa makinawa muli mahadi disiki awiri a 1TB. Imodzi ndi yanga, ili ndi Windows yakale ija ndi mafayilo anga. Inayo ndi ya alamu anga a ku Chibavi, amajambula maukwati ndi zinkhoswe, ndiye anandisungitsa mavidiyo a makasitomala pomwe kompyuta yawo inafa. Ambiri mwa mavidiyowo kulibe kwina komwe ali. Atamva kuti ndikufuna kuinsitola anaimba nthawi yomweyo, "alamu, zinthu zanga zija musazigwire chonde, anthu sanatenge ntchito zawo". Ndinati musadandaule alamu, disiki yanuyo kompyuta siyiona n'komwe. Anaganiza ndikungowatonthoza koma ndimanena zenizeni.

Ndisanazule kalikonse ndinabuta kaye ndi fulashi ya Mint ndikutsegula teminolo kuti ndione insitola iona chiyani:

```
lsblk -d -e7 -o NAME,SIZE,TRAN
NAME   SIZE TRAN
sda  931.5G sata
sdb  931.5G sata
sdc  223.6G sata
sdd   14.9G usb
```

Taonani sda ndi sdb, kukula kofanana ndendende, palibe C: palibe D:, palibe dzina lija unaipatsa disiki mu Windows. Komanso manambala sakufanana ndi olembedwa pa sitika, 1TB ikuoneka 931.5G, SSD ya 240GB ikuoneka 223.6G, fulashi ya 16GB ili pa 14.9G, chifukwa opanga amawerenga ndi 1000 pomwe lsblk imawerenga ndi 1024. Ndiye mainawa sakhazikika ayi, amaperekedwa motsatira momwe madisiki apezekera pobuta. Lero sdc ndi SSD, ukasintha kebulo kapena kulowetsa chinthu china sdc yomweyo ikhoza kukhala disiki ina. Munthu wowerenga malangizo akuti "sankha sda" ndikungotsatira, pa makina anga akanafufuta hadi disiki ya 1TB, ndipo Erase disk and install Linux Mint ikalemba pa disiki yolakwika kubweza mafayilo kumakhala kwa mwayi, mbali yomwe sisitimu yatsopano yakhalapo ndiye yapita.

Ena mwa inu muti aaa ingoyang'anitsitsa posankha, kuzula ndi mantha. Kwa ine apa kusankha kunali kosavuta zoona, SSD imaoneka yokha ndi kukula kwake. Koma pali vuto lachiwiri lomwe kusamala posankha sikulithetsa. Pa kompyuta za UEFI pamakhala kapathishoni kakang'ono ka FAT32, EFI System Partition, momwe mumakhala mafayilo oyambitsira sisitimu. Disiki yanga ya Windows ili nako kale. Insitola yomwe Mint imagwiritsa, Ubiquity, ili ndi khalidwe lodziwika kuyambira kale loti ikapeza kapathishoni ka EFI pa disiki ina imayika GRUB, pulogalamu yomwe imayambitsa Linux pobuta, mmenemo, olo iwe utasankha bwinobwino kuti GRUB ipite pa disiki yatsopano. Siifunsa. Zithunzi zako sizifufutika ndi zimenezi, koma yalemba pa disiki yomwe sunaipatse, ndipo zotsatira zake umaziona mochedwa: tsiku lomwe hadi disiki yakale ija idzafe kapena udzaichotse, Mint yomwe ili pa SSD yabwinobwino siidzabuta, chifukwa choyambitsira chake chinatsala kwina. Nyumba yako koma makiyi ali kwa aneba. Insitola ya Windows nayo imachita zomwezo, ikapeza kapathishoni ka EFI pa disiki ina imagwiritsa komweko m'malo mopanga kake. Ukazula madisiki ena insitola ilibe kochitira, imapanga zonse pa disiki imodzi yomwe ikuiona.

Ndisanazule ndinalowa kaye mu Windows komaliza kukathimitsa Fast Startup. Chinthuchi chimapangitsa kuti ukadina Shut down Windows isathime kwathunthu, imasiya madisiki a NTFS ngati akadali m'manja mwake, ndiye Linux ikabwera imawatsegula owerenga okha, sungasungemo kanthu. Mu Command Prompt ya adimini:

```
powercfg /h off
```

Kenako Shut down, kuzula kebulo ya magetsi ku khoma, ndikudina batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsala atuluke. Osazula madisiki makina akuyaka. Ndinatsegula chitseko cha m'mbali, ndikugwira chitsulo cha bokosi kaye ndisanakhudze zamkati, makamaka ndi juzi tikuvala m'nyengo yozizira ino, ulusi wake umasunga timagetsi tija timathetheka.

Disiki iliyonse ya SATA ili ndi makebulo awiri kumbuyo. Yopyapyala ya mapini 7 ndi ya deta, imapita ku mazabodi. Yotakata ya mapini 15 ndi ya magetsi, imachokera ku pawa sapulayi. Kuzula imodzi yokha kumakwanira kuti disiki isaoneke, ine ndinazula zonse ziwiri pa disiki iliyonse, palibe chifukwa choti izingozungulira ndi magetsi pomwe sikugwira ntchito, ndiponso magetsi akathima pakati pa ntchito, zomwe kuno ku Chiputula sizachilendo, madisikiwo asakhudzidwe. Makebulo ena a deta ali ndi kachitsulo kotsekera, uyenera kukafinya ndiye ukoke molunjika. Ukakoka mokhotetsa kapulasitiki kooneka ngati L ka pa disiki kamathyoka, ndipo disiki yathyoka pamenepo imavuta kwambiri kuilumikizanso. Ndinazulira mbali ya disiki, ku mazabodi ndinasiya momwemo, ndikumata tepi pa kebulo iliyonse, za disiki ya Windows ndinalemba W, za ya alamu A, kuti iliyonse idzabwerere pa disiki yake.

Osaiwalanso zakunja. Hadi disiki ya USB, memori khadi ili mu khadi rida, mafulashi ena ali kumbuyo kwa makina omwe unaiwala kuti alipo, zonsezo insitola imaziona ngati madisiki oti ingalembepo. Kwa ine munatsala kiyibodi, mausi ndi fulashi ya Mint basi.

Nditayatsa ndinabuta ndi fulashi posankha mzere womwe dzina lake likuyamba ndi UEFI mu menyu, chifukwa Windows yanga ndi ya UEFI ndipo ndimafuna ziwirizi zifanane. Ndisanadine Install ndinayesanso lamulo lija:

```
NAME   SIZE TRAN
sda  223.6G sata
sdb   14.9G usb
```

SSD ija inali sdc tsopano ndi sda. Apa ndi poyesera ngati wazuladi zoyenera: ukaona 931.5G paliponse, thimitsa, wazula kebulo yolakwika kapena pali disiki yomwe sunaione. Ukaona fulashi yokha ndiye wazula SSD yomwe. Mndandanda utatsala choncho ndinasankha Erase disk mtima uli m'malo. Chizindikiro china, insitola sinatchule za Windows ayi, mzere uja wa Install alongside sunabwere.

Itamaliza sindinathamangire kulumikiza madisiki. Ndinachotsa fulashi, ndikuyatsa ndi SSD yokha, Mint inabuta yokha. Ndiye ndinaona ndi lsblk yopanda -d kuti sda1 ndi kapathishoni ka pafupifupi 512M komwe kali pa /boot/efi, sda2 ndi yotsalayo pa /. Ndiye kuti choyambitsira chili pa SSD pomwepo, ndi chomwe ndimafuna. Pamenepo ndi pomwe ndinathimitsa, kuzula ku khoma, ndikubwezera makebulo W ndi A.

Poyatsa makina analowa mu Windows m'malo mwa Mint. Izi zisakuopseni, palibe chaonongeka, ndi dongosolo lobutira chabe. Ndinalowa mu BIOS ndikukweza mzere wa Mint pamwamba pa Windows Boot Manager, ndipo dziwani kuti mzerewo sulembedwa Mint, umaoneka kuti ubuntu. Mtengo wa njira iyi ndi woti GRUB sinaidziwe Windows, poti nthawi yoinsitola kunalibe. Zimakonzeka ndi lamulo limodzi madisiki atabwerera:

```
sudo update-grub
```

Kwa ine inalemba kuti yapeza Windows Boot Manager ndipo pobuta menyu yabwera ndi zonse ziwiri. Ikapanda kuipeza onani zinthu ziwiri, mwina os-prober, yomwe imafufuza masisitimu ena pa madisiki, ndi yothimitsa ndiye mumayika GRUB_DISABLE_OS_PROBER=false mu /etc/default/grub ndikubwerezanso lamulolo, kapena imodzi munaiyika mu UEFI ina mu Legacy, zikatero GRUB siitha kuiyambitsa inzakeyo, mumasankhira pa menyu ya makina poyatsa.

Disiki ya alamu ndinaitsegula mu Mint, mafoda onse alipo, ndinasewera mavidiyo angapo ndikuwatumizira chithunzi cha sikirini pa WhatsApp. Anayankha kuti "mwagwira ntchito alamu", kenako kufunsa ngati tsopano mavidiyo ndi otetezeka. Ndinawauza kuti ayi, kuzula kunawateteza kwa insitola basi, disiki ija ndi yakale ndipo ikafa yokha afa nayo, agule ina tikopere.

Malire ena ndi awa, kwa inu a malaputopu. Ngati disiki ndi imodzi yokha, mafayilo ali pa D: ndipo mukuinsitola pa C:, palibe chozula, C: ndi D: ndi mapathishoni a disiki imodzi ndipo Erase disk imatenga onse, pamenepo ndi kukopera kwina basi musanayambe. Ngati muli ndi M.2, kaja kooneka ngati kachingamu kogona pa mazabodi, kalibe kebulo, mumamasula sikuluu imodzi, kamadzuka kokha mopendekeka ndiye mukoke. BIOS zina zimalola kuthimitsa doko la SATA kapena M.2 osatsegula makina, zimagwira, koma yesanibe ndi lsblk muone kuti yasowadi. Ndipo ngati Windows yanu ili ndi BitLocker, ija imakhoma disiki, lembani rikavare kiyi ya manambala 48 papepala musanasinthe kalikonse mu BIOS, ikhoza kuifunsa pobwerera.

Chatsala kwa ine ndi kupanga disiki ya W izidzitsegula yokha pobuta. Ndiika mu /etc/fstab pogwiritsa UUID yochokera ku sudo blkid, osati /dev/sdb, poti mwaona momwe mainawo amasunthira, ndipo ndiwonjezera nofail kuti ndikadzaizulanso Mint isakakamire kuidikira. Ya alamu sindiyikamo, akubwera kudzaitenga akagula inzake.