Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Njala ya Masana, Phwando la Usiku

M'gawo lathali ndinalekezera pamene amayi anadzanditenga kusukulu yogonera komweko, ndili Folomu 3, atamva kuti ndakomoka pamzere wa m'mawa. Titafika kwathu ku Salima, azakhali atangondiona anagwira pakamwa. Kuno mtsikana akawonda chonchija, anthu amaganiza zitatu: kachilombo, chifuwa chachikulu, kapena kuti wina wamulodza. Anandiyeza magazi kawiri, makhololo kamodzi, osapeza kanthu. Agogo anakafika mpaka kwa sing'anga wina ku Chipoka. Palibe anaganizapo kuti mwana angakane nsima dala m'nyumba momwe ufa uli tho m'dengu.

Sikelo ya kuchipatala inati makilogalamu 41, msinkhu wanga uli mamita 1.60. Achipatala amawerengera chomwe amati BMI: amachulukitsa msinkhu ndi msinkhu womwewo, kenako n'kugawa kulemera ndi yankholo. Kwa ine zinali 41 kugawa ndi 2.56, yankho 16. Kwa munthu wamkulu, kutsika pansi pa 18.5 ndiye kuti waonda mopyola. Msambo unali utasiya miyezi isanu. Mu Okutobala, dzuwa la ku Salima likuswa mtengo, ine ndinkavala juzi. Pamsana ndi m'mikono munamera tiubweya tofewa ngati ta khanda, pomwe tsitsi la kumutu linkatsalira m'chipeso. Koma ndikaima pagalasi ndinkaona ntchafu zikuluzikulu ndi mimba yotuluka. Sindinkanama ayi, ndinkazionadi.

Dzina la vutoli ndinalidziwa patapita zaka: anorekisiya. Analitchula choncho ndi dokotala wa ku England, William Gull, mu 1873, ndipo liwulo limatanthauza kusowa chilakolako cha chakudya. Ine dzinalo limandiseketsa, chifukwa njala ndinali nayo usana ndi usiku, moti ndinkalota mandasi. Chomwe chinalipo ndi mantha a kunenepa, ndiponso kunyada. Anzanga akamalimbirana nyemba kudayiningi, ine ndinkadziona ngati ndawapambana.

Azakhali anandisunga chaka chathunthu, akundiyang'anira mbale ngati mwana wa sukulu ya mkaka, mpaka thupi linabwerera. Aliyense anati ndachira. Patapita zaka zisanu ndinali ndikugulitsa m'shopu ina pa Kamuzu Road, sikelo ikuti 56, ndipo apa m'pamene matenda achiwiri anandigwira popanda woona.

Tsiku langa linkayenda motere. M'mawa tiyi wopanda shuga, ndi lumbiro loti lero sindidya. Masana anzanga akandiitana kunsima ya usipa ndinkati ndadya kale. Ikamakwana 6 koloko madzulo, manja akunjenjemera, mutu uli waa, ndinkadutsa pachiwaya n'kugula chipisi, ndimvekere kamodzi kokha. Ndikangolawa, basi zatha, lumbiro lasweka, ndiye bola ndingomaliziratu. Mandasi khumi, buledi ndi majarini, mkute wa mpunga wozizira, zonse choimirira chitseko chili chokhoma, osamva n'kukoma komwe. Apatu sikuti kudya kwambiri ngati kwa paukwati. Paukwati umatha kunena kuti ndakhuta. Ine dzanja silinkandimvera. Mphindi makumi atatu zikatha kunkabwera manyazi ndi mantha, ndiye ndinkapita kuseri kukadzisanzitsa, n'kugona ndikulumbira kuti mawa sindilawa kanthu. Mawa lakelo linkayamba ndi tiyi wopanda shuga uja.

Anandigwira ndi dzino. Ndinapita kuchipatala chifukwa mano ankandinyerenyetsa ndikamwa madzi ozizira, ndipo mayi amene anandiona anatenga nthawi akuyang'ana kuseri kwa mano akutsogolo. Kenako anagwira dzanja langa lamanja n'kuona zipsera pamfundo za zala, nakhudza m'masaya pansi pa makutu pomwe panali potupa. Anatsitsa mawu n'kuti, "Achemwali, kodi mumadzisanzitsa?" Ndinalira ngati pamaliro. Asidi wa m'mimba ndiye anali atadya manowo, zipserazo zinali za mano anga omwe, ndipo kutupako kunali kwa tiziwalo topanga malovu.

Ananditumiza kwa dokotala wina woona za maganizo, ndipo iwo ndi amene anandipatsa dzina lachiwiri: bulimiya, lomwe Gerald Russell analongosola ku London mu 1979. Anati amalitchula choncho ngati kudya kosadzigwirako ndi kuyesa kukufafaniza, kaya posanza, kumwa mankhwala otsegula m'mimba, kusala kapena kuthamanga mopyola, zikuchitika kamodzi kapena kuposa pa sabata kwa miyezi itatu. Ine zinkachitika masiku asanu pa sabata. Ndinawafunsa ngati awa ndi matenda ena kapena omwe aja a kusukulu. Anati muzu ndi umodzi, munthu kudziyeza mtengo wake ndi sikelo. Chosiyana n'chakuti wa anorekisiya thupi limatsika pansi kwambiri, ndipo ena mwa iwo amadzisanzitsanso, pomwe wa bulimiya kawirikawiri amalemera bwinobwino. Kudumpha kuchoka ku oyambawo kupita ku achiwiriwo, monga ndinachitira ine, si zachilendo.

Ndikaziganizira lero, kusiyana kwenikweni kunali pa anthu. Ndili woonda mudzi wonse unadzidzimuka, koma ine sindinkafuna thandizo. Ndili ndi bulimiya ndinkalifuna thandizo ndi mtima wonse, koma amayi a kutchalitchi ankangondiyamikira kuti thupi lakhala bwino, masaya adzaza. Masaya omwewo otupa ndi matenda! Chonsecho magazi anaonetsa kuti mchere wa potaziyamu watsika chifukwa cha kusanza. Mchere umenewu ukachepa, mtima umagunda mosokonekera ndipo ungathe kuima, ngakhale munthu akuoneka wathanzi. Kugunda kodumphadumpha komwe ndinkamva usiku ndinkati ndi maganizo chabe.

Chimene chinandivuta kuvomera n'choti vuto silinkayambira pachiwaya paja koma pa tiyi wa m'mawa. Adokotala anandisimbira za kafukufuku wa Ancel Keys ku Minnesota m'dziko la America, mu 1944 ndi 1945. Amuna 36 athanzi anadzipereka, ndipo kwa miyezi isanu ndi umodzi ankapatsidwa pafupifupi theka la chakudya chawo. Anayamba kumangoganiza za zakudya, ndipo ataloledwa kudya momasuka, ena ankadya osatha kuleka. Anthu amenewa sankaopa kunenepa. Thupi lomanidwa limabweza lokha. Kusanza nako sikuchotsa zonse zomwe wadya, kumangokusiya ndi njala ina ndi chilolezo chodzachitanso mawa.

Tsiku lina anatulutsa chingwe. "Pangani bwalo patebulopa lofanana ndi chiuno chanu." Ndinapanga mosamala, iwo n'kuyeza: masentimita 95. Kenako anandizunguliza chingwe chomwecho m'chiuno: 71. Ndinawauza kuti akoka kwambiri. Anandipatsa kuti ndiyeze ndekha, ndipo zinali zomwezo. Chingwe chotsalacho chinkalendewera m'manja mwanga, chotalika kuposa chikhatho.

Mankhwala oyamba anali ondiopsa kuposa jakisoni: kudya katatu pa tsiku, kuwonjezera tizakudya tochepa kawiri kapena katatu, osadutsa maola anayi m'mimba muli gwaa, ndipo ngakhale nditalephera usiku, m'mawa ndidye ndithu phala. Ndinkalemba m'kope nthawi, chomwe ndadya ndi zomwe zinali mumtima. Sabata yoyamba ndinalephera kanayi, ndipo mimba inkatupa moti ndinkafuna kung'amba kopelo. Sabata yachisanu ndinalephera kamodzi, tsiku lomwe kunabwera katundu kushopu ndipo sindinadye masana.

Panali patatsala kuuza amayi. Loweruka lina ndinakwera kabaza kupita kwathu kope lija lili m'chikwama, ndipo ndinawapeza pakhonde akusankha mpunga wa ku Lifuwu. Zomwe anandiyankha ndidzakusimbirani m'gawo 8.