Masiku atatu aulere anandidyera K72,000

Meseji ya ku banki inalowa Lolemba usiku cha m'ma 9 koloko, ndikukonza mayeso a ana a Sitandade 6. Inati pa khadi yanga pachoka K72,000 ndi makobidi pamwamba, ndipo dzina la wolandira ndalamayo linayamba ndi GOOGLE, kutsogoloku zilembo zosamveka. Ndinangoti basi, akuba andilowera. Malipiro anali atangolowa kumene, lendi ya nyumba kuno ku Limbuli ndisanapereke.

Nkhani inayamba Lachisanu, masiku atatu meseji ija isanalowe. Mwana wa mchemwali wanga anali ndi chinkhoswe, ndiye anandipempha kuti ndimukonzere kakhadi koitanira anthu koti tizitumiza pa WhatsApp. Ndinatsitsa kapulogalamu kena kokongoletsera zithunzi, dzina lake sinditchula. Nditasankha maluwa amene anandisangalatsa, panatuluka batani lalikulu lolembedwa Start free trial, masiku atatu. Anafunsa khadi, ndinalemba manambala a khadi yanga ya Visa poganiza kuti ndi mwambo chabe, poti pamwamba panali patalembedwa kuti lero ndilipira ziro. Kakhadi nditamaliza, Loweruka m'mawa ndinafufuta pulogalamuyo m'foni, mtima uli mbee.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikufuna mumve bwino: kufufuta pulogalamu m'foni sikuletsa kulipira. Pangano silikhala m'foni. Limakhala pa akaunti yanu ya Google, pamodzi ndi khadi imene munalembetsa. Foniyo ngakhale itagwera mu Ruo, ndalama zidzachokabe tsiku lake likakwana.

Zomwe sindinkadziwa n'zakuti podina batani lija simukhala mukuyesa chabe ayi, mumakhala mwalembetsa kale kukhala wolipira. Masiku aulerewo ndi chigawo choyamba cha pangano lomwelo, kungoti mtengo wake ndi ziro. Akatha, chigawo chachiwiri chimayamba chokha, palibe amene amabweranso kudzakufunsani ngati mukufunabe. N'chifukwa chake amafuna khadi pachiyambi pomwe. Ndipo amawerenga kuyambira ola limene munadina. Ine ndinadina Lachisanu usiku, ndalama inachoka Lolemba usiku, ola lomwelo. Mmunsi mwa batani lija munali timalemba ting'onoting'ono tonena kuti akatha masiku atatu ndi $39.99 pa chaka. Pa chaka! Ananditengera ya miyezi 12 nthawi imodzi, m'madola, banki n'kusintha kukhala makwacha ndi kuikapo kake.

Koma chimene chimandiwawa mpaka lero ndi Lachitatu lija. Lachiwiri sindikanasiya ana pa mayeso, choncho Lachitatu ndinapempha chilolezo kwa ahedi, ndinakwera minibasi kupita ku Mulanje boma. Kunali chiperoni, phiri osaoneka n'komwe, minibasi ikuima paliponse mpaka pa Chitakale. Ku banki ndinapeza mzere wafika panja, poti anali mapeto a mwezi ndipo anthu a m'maesiteti a tiyi anali atalandira. Ndinaima kuyambira 9 koloko mpaka kudutsa 12, nsapato zitanyowa. Nditafika pa tebulo, mnyamata wake anayang'ana pa kompyuta kanthawi kochepa n'kuti, "Mayi, apa sipanabedwe. Munavomereza nokha. Ife sitingaletse, mukaletse komwe munalembetsa." Ndinafunsa kuti komweko n'kuti, iye anangoti za m'mafoni si za banki. Chimene anandiuza kuti angathe ndi kutseka khadiyo, ndilipire ina yatsopano, ndidikire masabata. Sitetimenti imene ndinapempha kuti ndione dzina lija bwinobwino anandilipiritsanso. Tsiku lonse, thiransipoti kupita ndi kubwera, ana kusukulu opanda mphunzitsi, zonsezo kuti ndikamve mawu amene akanatha kundiuza pa foni.

Anandithandiza ndi mwana wa achimwene anga amene amakonza mafoni ku Muloza, Lachinayi madzulo. Anatsegula Play Store, anadina kachithunzi kozungulira kamene kali pamwamba kudzanja lamanja, kenako Payments & subscriptions, kenako Subscriptions. Munalibe kanthu. Ndinati waona, andibera ndithu. Iye anati, "Azakhali, dikirani, foni yanuyi ili ndi maimelo awiri." Zoonadi, imelo ina anandipangira pa shopu pomwe ndinagula foniyo, ndipo ndinali nditaiwala kuti ilipo. Atasintha akaunti pa kachithunzi komweko, pulogalamu ija inaoneka, ndi deti la chaka chamawa limene adzadulenso. Anadina dzina lake, kenako Cancel subscription, anafunsidwa chifukwa, anasankha chilichonse, n'kutsimikiza kachiwiri. Pa kutsimikiza kachiwiripa anthu ambiri amatulukapo msanga, akuganiza kuti zatheka. Mudziwa kuti zathekadi mukaona kuti pamene panalembedwa tsiku lolipira tsopano palembedwa tsiku lomwe zidzathere, ndipo ku imelo kumabwera uthenga wotsimikiza. Ine ndinajambula sikirini imeneyo n'kusunga.

Ndaiwala kunena za kubweza ndalama. Pa Google Play, ngati sipanadutse maola 48 chidulireni, mutha kupempha kuti akubwezereni kudzera pa tsamba lawo lothandizira, ngakhale si nthawi zonse amavomera. Akadutsa maolawo, amakulozerani kwa eni pulogalamu. Maola anga 48 anatha Lachitatu usiku, tsiku lomwe ndinalitaya pa mzere lija. Eni pulogalamu ndinawalembera kawiri, anayankha kamodzi kuti malamulo awo ndinawavomereza ndekha. Ndalamayo inapita.

Mnzanga wina wa kusukulu anati iye amangoonetsetsa kuti pa khadi palibe ndalama tsiku lodula. Zimenezo musadalire. Akalephera kudula amayesanso kwa masiku angapo, ndiye malipiro akangolowa amatenga. Khadi yopanda kanthu siletsa pangano, monganso kufufuta pulogalamu sikuletsa.

Palinso zina zosaoneka mu Play Store. Ngati munalemba manambala a khadi pa webusaiti ya kampaniyo mwachindunji, muyenera kulowa pa webusaiti yomweyo ndi kukaletsa mu akaunti yanu ya kumeneko. Kuti mudziwe komwe munalembetsa, fufuzani mu imelo risiti ya tsiku lomwe munayamba, imasonyeza amene akudula, mtengo ndi tsiku. A iPhone njira yawo ndi Settings, dzina lanu pamwamba, kenako Subscriptions, ndipo Apple imanena kuti muletse kusanatsale maola 24 kuti masiku aulere athe.

Panopa ndikafuna kuyesa chinthu, ndimayamba ndawerenga timalemba ta mmunsi tija, makamaka ngati ndi pa sabata, pa mwezi kapena pa chaka. Ndikadina, ndimapita nthawi yomweyo ku Subscriptions n'kuletsa ndisanayambe n'kugwiritsa ntchito komwe. Pa Play Store nthawi zambiri masiku aulerewo amapitirirabe mpaka atathe ngakhale mwaletsa, ndipo uthenga umene umatuluka poletsa umakuuzani tsiku lake. Kudikira tsiku lomaliza n'koopsa kuno kwathu, magetsi akhoza kuzima, bandulo kutha, kapena foni kukoka netiweki ya ku Mozambique monga imachitira kuno kumalire, ola lija n'kudutsa.

Sabata yatha tinakhala mu ofesi ya aphunzitsi nthawi yopuma, aliyense atatsegula Subscriptions pa foni yake, maimelo onse. Mwa anthu asanu ndi awiri, m'modzi anapeza pulogalamu yophunzitsa Chingerezi imene mwana wake anayesa mu Ogasiti, ikudula mwezi ndi mwezi, iye akuganiza kuti ndi ndalama zomwe banki imadula pa akaunti. Tinaletsa pomwepo belu lisanalire.