Nyale ya sola ija ndinagona nayo masiku awiri ndisanailembere uthenga

Lolemba m'mawa ndikungofika ku situdiyo, manja ali m'thumba poti kuzizira kwa kuno ku Ulongwe mu Juni mukukudziwa, ndinapeza bambo ena a loja ya kufupi ndi msika akundidikira, kapepala kali m'manja. Akufuna uthenga wa malonda wa masekondi 30 pa wailesi, katundu wake nyale za sola, zija zobwera ndi kapanelo kake komanso pochajira foni. Mawu anali atalemba kale okha: nyale yabwino koposa, yapamwamba zedi, yodabwitsa, nambala wani mu Angonia yense, pansi pake n'kuponyapo ka Chipwitikizi kaja ka melyori kwalidadi.

Sindinawatsutse. Ndinangotenga cholembera n'kufufuta pamene panali nyale, ndinaikapo sopo, n'kuwawerengera mokweza. Kenako ndinaikapo feteleza. Ndinati bambo mwamva? Palibe chasokonekera, ndiye kuti mawuwa si a nyale yanu, ndi a aliyense, mnzanu wa loja yoyandikana nayo atha kuwatenga mawa osasintha ngakhale chilembo. Ine pepala lililonse ndimaliyesa choncho, chiganizo chikapulumuka nditasintha dzina la katundu ndimachitaya. Anaseka koma kuseka kosakondwa, akuti nanga aphwanga tinena chani, kuti ndi yoipa? Ndinati ayi bambo, ndibwerekeni nyale imodzi, tionana Lachinayi.

Pakatoni analemba kuti imayaka maola 12. Manambala apakatoni ine ndinasiya kalekale kuwakhulupirira, ndiye Lachiwiri ndinaika kapanelo padenga tsiku lonse, madzulo 6 koloko n'kuyatsa pa batani lachiwiri, lowala kwambiri lija. Itangokwana 10 koloko inayamba kufiira kenako zii. Maola anayi basi. Lachitatu ndinachajanso n'kuyatsa 6 koloko yomweyo pa batani loyamba, mayi akunyumba akudandaula kuti ndikuwagoneka pa bwalo la ndege, ndipo inazima cha m'ma 3 koloko mbandakucha. Maola 9. Si 12 ayi, koma 9 ameneyo ndinamuona ndi maso anga ndipo ndi nambala yoti munthu akhoza kukaiyesa kwawo n'kuipeza.

Masana a Lachitatu lomwelo ndinakakhala pa benchi mu loja muja ngati wodikira chenji, kungomvetsera. Apa ndiye pamene ndimatola mawu ine, osati m'mutu mwanga. Anthu asanu ndi awiri anaigwira nyaleyo ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa ngati ili yabwino. Mafunso ake anali akuti imafika m'mawa? Imachaja foni? Ikafa mubweza? Mayi ena ochokera ku Domwe, atamanga mwana kumbuyo, anangoti ine ndatopa nayo koloboyi, ana amadzuka m'mphuno muli bii. Ndinalemba pachikhatho pompo. Mungakhale pa tebulo sabata yathunthu simungapeke chiganizo choposa chimenecho, chili ndi utsi, chili ndi ana, chili ndi m'mawa, ndipo sopo sangalowemo.

Lachinayi ndiye linali tsiku la mkangano, ine, bambo aja ndi mnzanga amene amawerenga mauthenga.

Tinayambira pa mtengo. Iwo amafuna yotsika mtengo, mawu amene ngakhale wogulitsa galimoto amanena. Nyaleyo ndi 850 metikali, ndipo ndalama imeneyo kwa mlimi wa mbatatesi amene sanagulitse si yochepa, ukamuuza kuti yotsika mtengo amaona ngati ukumuseka. Ndinawafunsa kuti kandulo mumagulitsa bwanji, akuti 10 metikali imodzi. Basi tinawerengera limodzi, kandulo imodzi usiku uliwonse, masiku 85 ndalama ya nyale yakwana, miyezi itatu isanathe. Tinalemba zomwezo, kuti ndalama ya makandulo a miyezi itatu. Munthu amawerengera yekha m'mutu ali pa njinga ndipo akapeza kuti zikugwirizana amakukhulupirira pa zina zonse.

Kenako mnzanga uja anati tiikemo mbee, nyumba yonse mbee ngati masana. Mawu amtunduwu ine ndimawakonda, Chinyanja chathu chili nawo ambiri ndipo pa wailesi amagwira ntchito ya chithunzi, ukati ngwee munthu amaona kuwala, ukati bii amaona mdima, pamene yodabwitsa saona kanthu. Koma amalonjezanso, ndiye pamafunika kusamala. Ndinati achimwene nyale iyi ndagona nayo ine, imawalitsa chipinda chimodzi, mwana atha kuwerenga pa mphasa, koma mbee wa nyumba yonse ndi bodza, akatibwezera. Tinagwirizana pa chipinda chimodzi ngwee.

Ulere unativutanso. Bambo aja amafuna chajani mafoni mwaulere, ndipo zoona mawu akuti ulere amatembenuza khosi la munthu aliyense, koma batire ndi limodzi lomwelo, ukachaja foni yaikulu yotsetsereka ija usiku nyale sifika patali. Tinati foni ya mabatani, n'kusiya ulere panja. Za lero lokha ndinakaniratu, uthenga ukuuluka masabata awiri, munthu aumve Lolemba lero lokha, Lachisanu lero lokha, akuyesani chani?

Chimene chinatenga nthawi ndi funso lija la ikafa mubweza. Anakanda m'mutu, anaimba foni kwa amene amawapatsa katundu ku Tete, anabwerako akuti miyezi itatu amasintha bola risiti. Ndinati bambo mawu amphamvu kuposa onse mwakhala mukuwabisa m'kabati. Tikusinthirani. Amene akugulitsa nyale zachinyengo pa msika sangayerekeze kuwatchula.

Lachisanu tinajambula. Pepala langa loyamba linali ndi mawu 68 ndipo wochi inati masekondi 41, mawu athu ndi aatali, mu masekondi 30 mumalowa 50 kapena kuchepera ngati sukufuna kumveka ngati wolengeza mpira. Ndinadula, ndinadulanso, mpaka kutsala izi:

"Ana akudzuka m'mphuno muli bii ndi utsi wa koloboyi? Nyale ya sola iyi mukayatsa madzulo, chipinda chimodzi ngwee, maola 9. Imachajanso foni ya mabatani. Mtengo 850 metikali, ndalama ya makandulo a miyezi itatu. Ikafa miyezi itatu isanathe, bwerani ndi risiti, tikusinthirani."

Kumapeto dzina la loja ndi pamene ili, kawiri. Ndinawasiyiranso kope kuti aliyense wogula azimufunsa wamva kuti, azichonga, chifukwa popanda zimenezo mwezi ukatha timangokangana, iwo akuti wailesi sinathandize ine ndikuti yathandiza. Uthenga unayamba kuuluka masana omwewo.

Loweruka cha m'ma 11 foni inalira, bambo aja. Akuti zinayi zapita kuyambira dzulo, atatu anena okha za wailesi, mmodzi mpaka analowa akuti ndikufuna ya tikusinthirani ija. Ndisanayambe n'komwe kudzitama akuti koma pali mkulu wina wa ku Tsangano anagula dzulo madzulo, anagona kwa achibale konkuno, wabwera m'mawa uno nyale ili m'manja akuti yazima nthawi ya 10 isanakwane, maola 9 anu aja ali kuti. Ndinatsegula pepala loyamba lija la mawu 68 ndipo ndinawapeza, pa batani loyamba, mawu atatu amene ndinadula ndekha pothamangitsa masekondi. Mkuluyo anayatsa lachiwiri, komanso nyale yongochoka m'katoni isanaone dzuwa. Ndawauza amufotokozere, akakana amubwezere ndalama yake, ndipo Lolemba 7 koloko tikajambulanso. Mawu atatuwo abwerera, ndiwonjezeranso mukachaja tsiku lonse, malo ake ndichotsa dzina la loja lachiwiri lija ngakhale ndikudziwa kuti bambo aja akalimbana nane.