Tsamba likungozungulira osatseguka

Usiku wathawu ndimafuna kulembetsa mlongo wanga maphunziro pa intaneti, ndili pano pa Dedza boma. Tsamba kumangozungulira, fomu osabwera. Ndinayamba kunyoza netiweki ngati mwa masiku onse, mpaka kukwera pachulu ndi laputopu, mphepo ya kuno mukuidziwa. Koma masamba ena amatseguka bwinobwino.

Kenako ndinadina F12 mu Chrome, n'kupita pa Console, pomwe Chrome imaonetsa zolakwika za tsamba. Panali mzere wofiira:

```
Failed to load resource: net::ERR_BLOCKED_BY_CLIENT
```

Mawu akuti CLIENT akunena makina anga omwe, osati seva ya eni tsamba. Kapulogalamu kotchinga zotsatsa malonda komwe ndinaika chaka chatha kanatsekereza fayilo ina yothera ndi .js, ndipo fomu imadikira fayilo imeneyoyo kuti ioneke. Nditakazimitsa pa tsamba lokhali n'kudina Ctrl+Shift+R, fomu inatulukira pompo.

Koma anzanga, si zofiira zonse zomwe mungakonze nokha. Mukaona 404, fayiloyo kulibe kwa eni tsambako. Mukaona CORS kapena Content Security Policy, ndi eni tsamba amene sanakonze bwino. Jambulani mzerewo muwatumizire, musamalizire bandulo podinadina.